Kutenga mafuta a m'fupa kuti akayezedwe: momwe ndimachitira

Magazi amapangidwa m'mafuta a m'kati mwa mafupa. Koma sindithamangira kuboola fupa chifukwa choti munthu magazi achepa. Ndimayamba ndaona magazi ake pa galasi, ndayeza ayironi, vitamini B12 ndi foleti, ndafunsanso za mankhwala omwe akumwa. Singano ndimaitenga ngati zonsezi sizikupereka yankho, kapena ngati m'magazi mwaoneka maselo osakhwima otchedwa mabulasiti, kapena tikuganizira khansa ya mayeloma.

Titenge bambo wazaka 60 yemwe maselo ake ofiira, oyera ndi mapulateleti othandiza magazi kuundana onse atsika pamodzi, pomwe mavitamini ali bwino. Kuchepa kwa mapulateleti pakokha sikundiletsa. Ndimangokonzeka kudinikiza pabala nthawi yaitali. Chomwe ndimaopa ndi vuto la kuundana kwa magazi monga himofiliya, kapena mankhwala osungunula magazi. Zimenezo zimakonzedwa kaye.

Ndimawagoneka chammbali, mawondo atapinda, n'kufufuza ndi chala kansonga ka fupa la m'chiuno kumbuyo. Ndikatsuka khungu, ndimabaya mankhwala ochititsa dzanzi, lidokeni wokwana mamililita 5 mpaka 10. Wambiri ndimamuthira pa kakhungu kokuta fupa, chifukwa ululu umachokera pamenepo, ndipo ndimadikira mphindi zingapo kuti agwire. Singano ikalowa m'fupa imaima yokha osagwedera. Apa ndimawachenjeza: "Bambo, mumva kukoka kowawa kwa kanthawi kochepa." Ululu umenewu lidokeni sauthetsa, ndiye ndi bwino adziwiretu.

Kukoka koyamba ndi komwe kumasunga kapena kuwononga ntchito yonse. Ndimakoka theka la mililita basi. Ukakoka zambiri, magazi wamba amalowerera n'kusungunula mafutawo, ndipo woyeza amawerenga mabulasiti ochepa kuposa omwe alipodi. Ndimayang'ana timibulu totuwa ngati timchenga. Ngati palibe, ndiye kuti ndatenga magazi chabe. Timibuluto timapakidwa pa magalasi nthawi yomweyo tisanaundane. Zoyezera majini ndi mitundu ya maselo ndimazikoka pambuyo pake ndi sirinji ina.

Kwa bambo athu aja, tinene kuti sirinji yabwera youma. Ndimasuntha singano n'kuyesanso, chifukwa mwina sinalowe bwino. Ikaumanso, kuumako ndi uthenga: mwina m'fupamo mwadzaza ulusi wa zipsera, kapena maselo a khansa athithikana moti sakukokeka. Apa bayopuse, komwe ndi kudula kachidutswa ka fupa kuti kakayezedwe, ndiye imatipulumutsa.

Ndimalowetsa singano yokulirapo pa bala lomwelo la khungu, koma pa fupa ndimasuntha pafupifupi sentimita imodzi kuti ndisatenge malo omwe ndakoka kale. Ikagwira fupa ndimachotsa kachitsulo ka m'kati, n'kumaipotokola uku ndikukankha, kenako kuigwedeza kuti kachidutswa kathyoke. Ndimafuna kachidutswa kosachepera sentimita 1.5, makamaka 2. Chifukwa chake n'chakuti mwa akuluakulu malo apansi penipeni pa chikhokho cha fupa amakhala ndi mafuta wamba okhaokha opanda maselo opanga magazi, ndiye kachidutswa kakafupi kangaoneke ngati fupa lasiya kupanga magazi pomwe lili bwinobwino. Ndisanakaponye mu fomalini, mankhwala okasunga kuti kasawonongeke, ndimakagubuduza pang'onopang'ono pa galasi kuti kasiye maselo. Sirinji ikauma, galasi limeneli ndi lokhalo loonetsa nkhope za maselo. Pabala ndimadinikiza mphindi 10, wodwala n'kugonera chagada.

Dokotala wounika pa maikulosikopu amayamba ndi funso loti zomwe talandirazi n'zokwanira kodi. Pa magalasi opakidwa bwino amawerenga maselo 500. Mabulasiti akafika 20 pa 100 aliwonse, imeneyo ndi lukemiya yofulumira, khansa ya m'magazi. Maselo a pulazima, omwe amapanga zoteteza thupi ku matenda, akakhala a mtundu umodzi n'kufika 10 pa 100, amalozera ku mayeloma. Amaonanso ngati maselo akukhwima mwadongosolo, ndipo amapaka utoto woonetsa ayironi wosungidwa.

Kachidutswa ka fupa kamachedwa masiku angapo chifukwa kamayenera kufewetsedwa kasanadulidwe. Iko kamaonetsa kamangidwe. Poyerekeza kuchuluka kwa maselo, ambiri amachotsa zaka za munthu pa 100, choncho kwa wazaka 60 timayembekezera kuti maselo atenga pafupifupi magawo 40 pa 100, kwinako mafuta wamba. Akapeza mafuta wamba okhaokha pa kachidutswa kotalika bwino, amaganiza kuti fupa lalephera kupanga magazi. Timagulu ta maselo achilendo tingakhale khansa yochokera ku chiwalo china, ndipo timfundo ta kutupa tingakhale chifuwa chachikulu.

Kwa bambo aja, utoto wa retikyulini ukaonetsa ulusi wochindikala, pamodzi ndi maselo opanga mapulateleti ounjikana ndi opindika, ndiye kuti kuuma kwa sirinji kwafotokozeka. Ndikaphatikiza ndi kapamba wotupa komanso maselo ofiira ooneka ngati msozi m'magazi, ndimapempha kuyeza jini ya JAK2 pofuna kutsimikiza matenda a mayelofaibulosisi, omwe amadzaza m'fupa ndi ulusi wa zipsera.