Pampu yokana kuzima: sabata yanga kufamu ina ku Mangochi

Lolemba anandiimbira kufamu ina yothirira m'mbali mwa Shire kuti pampu ikukana kuzima, akadina batani lofiira mota imangolirabe mpaka athamangire ku mein switchi. Mota yake ndi ya 7.5 kW, 400V, imayendetsedwa ndi ka PLC kakang'ono, kakompyuta koyendetsera makina. Nditatsegula panelo ndinapeza khoswe watafuna waya wa batani lozimitsira, koma vuto lenileni silinali khosweyo ayi. Amene anamanga poyamba anaika batani la NO, lokhala lotsegula mpaka ulidine, mu lada, pulogalamu ya PLC, n'kulemba `[/]`, chizindikiro cha chotseka, ndiye waya ukaduka PLC imangoona ngati palibe wadina chilichonse. Zinandiwawa kwambiri chifukwa pali anyamata amagwira pafupi ndi shafiti tsiku lonse.

Lachiwiri ndinasintha mabatani. Lozimitsira ndi la imejensi onse ndinaika a NC, okhala otseka mpaka uwadine, ovalodi yoteteza mota ikamakoka moto wambiri ndinatenga pa mateminolo ake 95 ndi 96 pomwenso ndi NC. Zinthu zikakhala bwino ma inputi atatuwa amakhala oyaka nthawi zonse, nde mu pulogalamu umawalemba ngati otsegula, chonchi:

```
   START     STOP   ESTOP   OL     KM1
|---[ ]---+--[ ]----[ ]----[ ]-----( )--|
|   KM1   |
|---[ ]---+
```

Mnyamata amene akuphunzira ntchito kwa ine anati, "Abwana, batani ndi NC, bwanji mwalemba lotsegula, simunalakwitse?" Ndinamuuza ayang'ane kanyali ka inputi. Kakuyaka asanadine, ndiye kuti `[ ]` ikudutsitsa. Akadina kazima, mzere waduka. Waya ukadukanso kazima chimodzimodzi, mota imaima yokha. Ukadina `START`, `KM1`, autiputi yopita ku kontakita yoyatsa mota, imayaka n'kudzigwira yokha kudzera munthambi yam'munsiyo, chala uchotse ikuyendabe. Zinthu zitatu zija zimayenera kukhala kunja kwa nthambiyo, ukaziika pamzere wa `START` mkati nthambi imazilambalala ndipo mota siizima.

Lachitatu linali la imejensi. Ine sindidalira PLC yokha pamenepa, autiputi itha kumatirira pulogalamu ikunena kuti zima. Ndinadutsitsa kontakiti yachiwiri ya batanilo pa waya wopita ku koilo ya kontakita pa A1, kuti lizidula moto mwachindunji, inputi ija ntchito yake ingogwetsa kudzigwira kuja. Ovalodi ndinaiika pa 15A monga palembedwera pa mota, ndinaipeza itakwezedwa mpaka kumapeto, eti inkatiripa masana dzuwa la kuno likaswa mtengo. Panelo ili pa malata opanda mthunzi, ndawauza aimangire kadenga.

Lachisanu tinayesa pamaso pa akapitawo. Mota ikuyenda ndinazula waya wa `STOP`, inaima. Ndinatiripitsa ovalodi ndi kabatani koyesera kenako n'kuibwezeretsa, mota inakhala chete kudikira `START`, chimodzimodzi nditamasula batani la imejensi. Chomaliza ndinathimitsa magetsi onse n'kuyatsanso kuona ngati `KM1` siikukumbukira zakale, poti magetsi akabwera usiku munthu ali m'kati moyeretsa sefa sitifuna idzuke yokha. Sinadzuke. Akapitawo anati, "Amisiri, zulaninso waya uja ndionenso," ndinawapatsa sikuludilaiva azule okha.