Dzanja la zala zisanu ndi chimodzi

Dzulo pa Veo, makina a AI opanga makanema kuchokera pa malangizo olembedwa, ndinapanga kanema wa masekondi 5 wa mayi akusenda mbatata, koma pa sekondi yachitatu chala china chinamera ndipo mpeni unalowa m'chikhatho. Makinawa amavutika zala zikamabisana kuseri kwa chinthu, choncho ndinasintha malangizo kuti mayiyo angogwira dengu ndi manja onse awiri, osaliyendetsa:

```
medium shot, static camera, both hands resting on a basket
```

Zala zinakhala zisanu mpaka kumapeto, ndipo nkhope sinasinthenso chifukwa kamera sinazungulire ndiponso mutu sunatembenuke. Ndimalemba zimene ndikufuna kuona, chifukwa kutchula chilema m'malangizo nthawi zina kumachiitana. Mawu a pachikwangwani ndinasiyiratu kuwapempha, popeza zilembo zimaphethira n'kusandulika. Ndimawaika ndekha pa CapCut, pulogalamu yokonzera makanema, kanemayo atatha.