Kuvomera moni wa Chiswahili pa msewu wa ku Makambako

Munthu wopita ku Dar es Salaam pa basi kudzera pa chipata cha Songwe amalangizidwa zambiri za kusintha ndalama ndi za mapepala a katundu, koma sindinamvepo wina akulangiza mnzake za kayankhidwe ka moni. Komatu ku Tanzania moni aliyense ali ndi yankho lake lokhazikika, ndipo woyamba akaponya mawu amadikira kuti mnzake awalandire, monga momwe woyambitsa nyimbo amadikirira ovomera.

Tinadutsa Tukuyu ndi Uyole popanda chovuta, koma tisanafike ku Makambako lamba wa injini anaduka, ndipo kondakitala anakwera njinga yamoto kukafuna wina. Chimene chinandinyansa n'chakuti panalibe wa basiyo amene anatiuza kuti tikhalapo mpaka liti. Madzi atatithera, mayi wina wogulitsa zitenje, amene njirayo anaizolowera, anatitenga anthu angapo kupita pa nyumba ina ya m'mbali mwa msewu.

Mnyamata wina amene ludzu linam'kola kwambiri anatsogola, ndipo atapeza agogo aamuna atakhala pakhonde anangopempha madzi asanapereke moni. Agogowo anamuyang'ana osanena kanthu. Mayi uja anaima chapatali n'kunena kuti "Hodi!", ndipo sanasunthe mpaka atamva "Karibu!" Atayandikira anawerama pang'ono n'kunena kuti "Shikamoo", agogowo n'kuvomera kuti "Marahaba". Moni ameneyu amayamba ndi wamng'ono nthawi zonse, ndipo wamkulu sabweza mawu omwewo. Kuchokera pamenepo mafunso anali m'manja mwa agogowo. Poona kuti tinali ambiri anafunsa kuti "Hamjambo?", mayiyo n'kutiyankhira tonse kuti "Hatujambo". Akanakhala yekha, funso likanakhala "Hujambo?" ndipo yankho lake ndi "Sijambo".

Kenaka agogowo anafunsa za ulendo, "Habari za safari?", ndipo mayiyo anayankha kuti "Nzuri", kusonyeza kuti wayenda bwino, basi yowonongekayo ikuoneka poteropo. Ameneyu sanali kunama. Pa gawo limeneli la malonje yankho loyembekezeka ndi "nzuri", "njema" kapena "salama", ndipo mavuto ali ndi malo ake kutsogolo. Atayankha anabweza mafunsowo: za pakhomo, agogowo anati "Salama", za ana, "Watoto hawajambo?", anati "Hawajambo". Nthawi yonseyi anali atagwirana dzanja lamanja, mayiyo atachirikiza mkono wake ndi dzanja lamanzere, ndipo mawu ankatsatana mosadukiza, wina akamaliza mnzake n'kulandira pomwepo.

Mafunso atatha mbali zonse ziwiri m'pamene mayiyo anafotokoza za basi ndi za ludzu lathu. Agogowo anati "Poleni sana", kutipepesa chifukwa cha vutolo, ife tonse n'kuyankha kuti "Asante". Anaitana mdzukulu wawo, amene anapereka "Shikamoo" kwa mayi uja asanatule chigubu cha madzi, ndipo mayiyo, amene posachedwapa anali wamng'ono pamaso pa agogo, tsopano ndiye anavomera kuti "Marahaba". Mnyamata wa ludzu uja anamwa nawo, ndipo ndalama zimene tinafuna kusiya agogowo anazikana.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kumvetsera mmene munthu angadziwire kuti yankho laphonya. Kawirikawiri wamkulu sakudzudzula. Amabwereza funso lomwelo pang'onopang'ono, kapena amakhala chete kanthawi, kudikira mawu amene sanabwere. Alendo amalakwa makamaka pa msinkhu. Mwana akapereka "Shikamoo", mlendo wosadziwa amabweza "Shikamoo" yemweyo, ndipo anawo amaseka chifukwa munthu wamkulu wadziika pansi pawo. Ena amamva achinyamata m'madepoti akuti "Mambo?" anzawo n'kuyankha kuti "Poa", ndiye amatenga moni ameneyo kukapereka kwa munthu wa imvi, chimene chimamveka ngati chipongwe. M'madera a Asilamu ambiri, makamaka kufupi ndi nyanja ya mchere, munthu akayamba ndi "Asalaam aleikum" yankho lake ndi "Waaleikum salaam", ndipo mafunso ena aja amabwera pambuyo pake.

Chimene ndimadandaula nacho n'chakuti timabuku ta alendo timangondandalika mawu amenewa, osanena kuti woyamba ndani ndipo wobweza funso abweze liti. Munthu angaloweze mawu onse pamtima koma n'kulephera pakhomo, chifukwa akayankha "Nzuri" amangokhala chete osafunsanso za mwini nyumba, kapena amathamangira kunena chimene wadzera. Ngati msinkhu wa munthu ukukayikitsa, ndi bwino kuyang'ana kaye mmene eni dera akumupatsira moni, ndipo ngati palibe womuonera, "Habari za leo?" sakhumudwitsa wamkulu kapena wamng'ono.