Pamene chilala chinapeza mzinda wa Copán utafooka kale

Ndangomaliza kuwerenga za Copán, mzinda wakale wa anthu a mtundu wa Amaya m'dziko la Honduras, ndipo mtima wanga uli zii. Ambiri timati chilala ndicho chinagwetsa mizinda ya Amaya, koma ku Copán mvula itayamba kuvuta, anthu anali atafooka kale.

Mzindawu unakula chifukwa cha chigwa chachonde cha m'mbali mwa mtsinje. Anthu atachuluka, nyumba zinadzaza pamalo abwino olima, alimi n'kukwera m'mapiri, kudula mitengo, kudzala chimanga pamtsetse. Mvula ikagwa, dothi lapamwamba linkakokoloka, nthaka osapatsidwa mpata wopuma. Mafupa a ana omwe anafukulidwa kumeneko amaonetsa zizindikiro za kuperewera kwa zakudya m'thupi. Nkhondo nayo inali italuma kale: mu 738 mfumu ya Copán inagwidwa n'kudulidwa mutu ndi mfumu ya Quiriguá, mzinda womwe unali pansi pake.

Chondipweteka kwambiri ndi mwala womaliza wachifumu, wa chaka cha 822. Wosema anamaliza mbali imodzi, ina anangoyamba, zotsalazo zilibe kanthu. Alimi wamba sanachoke tsiku limodzi ayi, anatsalabe m'chigwamo n'kumachepa pang'onopang'ono mafumu atatha kale.