Invoisi imodzi, ngongole ziwiri: mmene ndinabwezera cholemba chobwereza

Ndinazitulukira pa 9 Epulo, ndikuyerekeza leja yathu ndi sitetimenti ya kampani imene imatikonzera makina osindikizira. Sitetimenti yawo imati tilibe nawo ngongole, pomwe leja yathu imati tikuyenera kuwalipira 46,000. Wogulitsa akanena kuti muli ndi ngongole yochuluka kuposa imene mukuidziwa, sizidabwitsa, nthawi zambiri pamakhala invoisi imene sinakufikeni. Koma akanena yochepa, kawirikawiri vuto limakhala kwanu.

Nditatsegula akaunti yawo, ndinaona 46,000 atakhala kawiri mbali ya kirediti. Koyamba pa 18 Malichi, cholemba nambala PI-1182, ndipo pa malo a nambala ya invoisi panali INV-0457. Kachiwiri pa 26 Malichi, cholemba PI-1207, nambala ya invoisi 457 basi. Choyambacho ndinalowetsa ndine, kuchokera pa invoisi yobwera pa imelo. Chachiwiricho analowetsa mnzanga wa mu ofesi itafika invoisi ya pepala. Pulogalamu yathu imachenjeza munthu akabwereza nambala ya invoisi, komatu kwa kompyuta INV-0457 ndi 457 ndi zinthu ziwiri zosadziwana, ndiye inangolandira zonse osatsokomola.

Kufanana kwa ndalama pakokha si umboni. Makina amatha kuwonongeka kawiri mwezi umodzi, mtengo wokonzera n'kukhala womwewo. Choncho ndinapita ku mapepala. Oda yathu inali imodzi, chikalata chosonyeza kuti ntchito yagwiridwa chinali chimodzi, ndipo mainvoisi awiriwo anali ndi deti limodzi ndi mawu amodzimodzi. Apo ndiye ndinakhutira kuti ntchito inali imodzi, ife ndi amene tinailemba kawiri.

Ndisanagwire kalikonse ndinayang'ana kubanki, chifukwa funso lalikulu ndi loti ndalama zinatuluka kangati. Zinatuluka kamodzi, pa 28 Malichi, ndipo mtima unakhala pansi. Zikanatuluka kawiri, kubweza cholembacho sikukanathetsa nkhani. Ndikanabweza invoisi yobwerezayo, inde, koma malipiro achiwiriwo ndikanawasiya momwemo, poti ndalamazo zinachokadi ku banki. Akaunti ya wogulitsayo ikanatsala ndi 46,000 mbali ya debiti, kusonyeza kuti tsopano iwo ndi amene ali ndi ngongole kwa ife, ndipo ikanakhala choncho mpaka atabweza ndalamazo kapena titagwirizana polemba kuti tidzazichotsa pa invoisi yotsatira.

Kenako panali kusankha chobweza pa ziwirizo. Maganizo amathamangira chachiwiri, poti ndicho chinabwera pambuyo. Koma nditayang'ana bwino, malipiro a pa 28 Malichi anawalumikiza ku PI-1207, chachiwiricho, ndipo invoisi ya pepala yosainidwa ndi ovomereza inali m'fayilo pansi pa nambala yomweyo. Ndikanabweza chimenecho, ndikanayenera kumasula malipirowo n'kukawamangiriranso kwina, m'mwezi wotsekedwa kale. Chimene chinalibe malipiro chinali changa chija, PI-1182. Ndinasankha chimenecho, osati chifukwa cha ulemu kwa mnzanga, koma chifukwa ndicho chinali chitangolendewera chokha popanda china chochigwira.

Tsopano apa ndi pamene pali mayesero. Pa sikirini pali batani la Delete, ndipo cholakwa chikakhala chako, chala chimayabwa. Mwezi wa Malichi unali wotsekedwa kotero pulogalamu sikanandilola, koma akulu a zachuma ali ndi mphamvu yotsegulanso mwezi, ndipo ndinafika pakhomo la ofesi yawo ndili ndi pempho limenelo pakamwa. Anandimvetsera mpaka kumaliza, kenako n'kundifunsa kuti, "Nanga odita akadzaona PI-1181 kenako PI-1183, mudzawauza kuti ya pakatiyo inapita kuti?" Ndinalibe yankho. Manambala a zolemba amatsatana, ndipo mpata pakati pawo ndi chimodzi mwa zinthu zimene odita amafufuza dala. Kuonjezera apo, lipoti la Malichi linali litapita kale kwa mabwana, fomu ya msonkho nayonso itatumizidwa. Kusintha Malichi mwakachetechete kukanachititsa kuti mabuku asiyane ndi mapepala amene anthu ena ali nawo kale m'manja.

Ndiye tinagwirizana kuti cholakwacho chikhale pomwe chili, ndipo chokonza chake chilembedwe m'mwezi wotseguka, ndi deti la tsiku limene ndikukonzalo, 9 Epulo.

Cholemba choyambiriracho chinali ndi mizere itatu. Panali debiti ya 40,000 ku akaunti ya zokonzetsa makina, debiti ya 6,000 ku akaunti ya msonkho wa VAT umene timayembekeza kuuchotsera pa umene tikulipira, ndi kirediti ya 46,000 kwa wogulitsa. Kubweza ndi kutembenuza mizere yomweyo, maakaunti omwewo, ndalama zomwezo, osaphonya ngakhale mzere umodzi:

```
JV-0093   09/04   Ref: PI-1182
Dr 2100   46,000
   Cr 6340   40,000
   Cr 1410    6,000
```

Akaunti 2100 ndi ya amene tili nawo ngongole, 6340 ya zokonzetsa, 1410 ya msonkho. Cholakwa chimene ndachionapo kangapo ndi chakuti munthu amaika 46,000 yonse ku kirediti ya zokonzetsa. Jenulo, kapena kuti cholemba chobwezeracho, imalingana bwinobwino, debiti ndi kirediti n'kugwirizana, koma zokonzetsa zimatsika mopitirira ndi 6,000 ndipo msonkho wobwerezawo umatsalabe m'mabuku. Palibe chimene chimalira pa kompyuta. Zimadzaululika pokhapokha wina akamayerekeza akaunti ya msonkho ndi mainvoisi enieni.

Sindinalembe jenuloyi pamanja mu leja yaikulu. Ndinatsegula PI-1182 mwiniwake n'kudina Reverse, kuti pulogalamu ibweze kudzera mu akaunti ya wogulitsayo. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Ukangoponya debiti ku 2100 mu leja yaikulu osadzera kwa wogulitsa, chiwerengero chonse cha ngongole chimatsika, koma mndandanda wa ogulitsa mmodzimmodzi umasonyezabe 46,000 yosalipira. Mabuku awiriwo amasiyana, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti invoisiyo imakhalabe pamzere wa zoyenera kulipidwa, tsiku lina wina adzailipira ndithu. Sindinailowetsenso ngati chikalata chochotsera ngongole chochokera kwa wogulitsa, poti iwo sanatipatse chikalata chotero, ndipo odita akadzachifuna palibe chimene ndingawaonetse.

Nditabweza, ndinalumikiza JV-0093 ndi PI-1182 kuti zitsekane. Ukaiwala zimenezi, akaunti imasonyeza ziro pansi, koma lipoti la ngongole zokhalitsa limaonetsabe mizere iwiri yotseguka, wina wa 46,000 ndi wina wochotsera 46,000, mwezi ndi mwezi. Ndinatulutsanso leja ya wogulitsayo, ikusonyeza ziro, mogwirizana ndi sitetimenti yawo.

Msonkho unafuna chisamaliro chapadera. Fomu ya Malichi inali itatenga 6,000 ija kawiri, kutanthauza kuti tinalipira msonkho wochepa ndi 6,000. Malamulo okonzera zotere amasiyana dziko ndi dziko: kwina amalola kukonza pa fomu yotsatira ngati ndalamazo n'zochepa, kwina amafuna kuti fomu yakaleyo ikonzedwe. Ndinapereka nkhaniyi kwa amene amasamala za msonkho kwathu, ndipo chimene anagamula anachilemba n'kusainira, ine n'kuchiika m'fayilo.

Gawo limene linanditengera nthawi yaitali ndi la mapepala. Odita safuna kumva kuti ndine munthu wokhulupirika. Amafuna kuti munthu amene kunalibe tsikulo, atatenga fayiloyo, athe kuyenda yekha kuchokera pa invoisi mpaka pa kukonzako popanda kufunsa aliyense. Malamulo a ntchito yawo, ISA 240, amawauza kuti aziyesa majenulo pofufuza chinyengo, ndipo jenulo yochotsa ngongole n'kutsitsa ndalama zogwiritsidwa ntchito ndi mtundu womwewo umene munthu wofuna kukometsa phindu angalembe. Choncho akaisankha pakati pa zina zambiri, si kuti akukuda.

Pa malo ofotokozera, mawu oyamba amene ndinalemba anali oti "kukonza cholakwika". Akulu aja anandibwezera pepalalo. Ndinalembanso motere: "Kubweza PI-1182 ya pa 18 Malichi. Invoisi INV-0457 inalowetsedwa kawiri, cholemba chotsala ndi PI-1207 ya pa 26 Malichi, yolipidwa pa 28 Malichi. Zapezeka poyerekeza ndi sitetimenti ya wogulitsa ya pa 31 Malichi." Mawu amenewa ali mu kompyuta momwe, osati pa pepala pokha, chifukwa odita nthawi zambiri amayamba ndi mndandanda wa majenulo wotulutsidwa mu pulogalamu asanaone fayilo iliyonse.

Kuseri kwa pepala la jenuloyo ndinamangirirako makope awiri a invoisi, la pa imelo ndi la pepala, lililonse nditalembapo nambala ya cholemba chake. Ndinaikanso oda ndi chikalata cha ntchito, sitetimenti ya wogulitsa, tsamba la sitetimenti ya kubanki losonyeza malipiro amodzi okha, ndi leja ya wogulitsayo kawiri: mmene inalili ndisanakonze ndi mmene inakhalira nditakonza. Yoyambayo muziitulutsa musanadine kalikonse. Ine ndinatsala pang'ono kuiwala, ndipo ukabweza kale, chithunzi chakalecho sichituluka mosavuta. Pansi ndinasaina monga wokonza, akulu aja anasaina monga ovomereza, aliyense ndi deti lake, tsiku lomwelo jenulo isanalowe. Wokonza ndi wovomereza asakhale munthu mmodzi, makamaka pamene wolakwitsayo ndi yemwe akukonza, monga zinalili ndi ine. Pa kope la PI-1182 m'fayilo ya Malichi ndinalembapo ndi cholembera kuti yabwezedwa ndi JV-0093, kuti woyambira mbali imeneyo nayenso apeze njira.

Mu lipoti la Epulo tinaikamo kamzere konena kuti zokonzetsa za Malichi zinakwera ndi 40,000 molakwika ndipo za Epulo zatsika ndi ndalama yomweyo. Chaka chathu chimatha mu Disembala, ndiye pa chaka chonse ziwirizi zimafafanizana. Zikanakhala kuti cholakwacho chili m'chaka china, nkhani ikanasintha. Ngati mabuku a chakacho sanasainidwe, chimakonzedwa m'chaka chomwecho. Ngati anasainidwa kale ndipo ndalamazo n'zazikulu moti zingasinthe maganizo a wowerenga malipoti, lamulo la IAS 8 limati ziwerengero za chaka chakalecho zikonzedwe pamene zikuonetsedwa moyerekeza ndi za chaka chatsopano, osati kungoziponya m'chaka chatsopano.

Odita anabwera mu Febuluwale wa chaka chotsatira, ndipo JV-0093 inali pa mndandanda wawo. Mayi amene amayang'ana mbali yathuyo anatsegula fayilo, nayerekeza manambala, n'kufunsa funso limodzi lokha: "Bambo, nanga mwachitapo chiyani kuti zisabwerezeke?" Ndinawaonetsa kalata ya mu ofesi ya pa 11 Epulo, yonena kuti nambala ya invoisi izilembedwa ndendende mmene ilili pa chikalata, zilembo ndi maziro omwe, komanso kuti mwezi usanatsekedwe tizitulutsa mndandanda wa mainvoisi a wogulitsa mmodzi okhala ndi ndalama zofanana. Anajambula kalatayo, nachonga pa pepala lawo, n'kuitanitsa jenulo yotsatira.