Girizi kapena oilo: mmene ndimasankhira pa tcheni, mahinjesi ndi makina ang'onoang'ono

Ndisanatsegule chitini chilichonse, ndimayang'ana kaye pamene zitsulo zikukhulana n'kuona ngati chala changa chingafikepo. Ngati chinthucho chimamasuka, ndipo ndikapaka n'kubwezera malowo amatsekeka, ndimatenga girizi. Koma ngati kukhulanako kukuchitika m'kampata kosalowa ngakhale chikhadabo, ndimatenga oilo, chifukwa amayenda yekha mpaka m'kati. Girizi ndi oilo yemweyo amene anamusakaniza ndi mtundu wina wa sopo, kawirikawiri wa lithiamu, kuti asatayike. Amakhala pomwe mwamuikapo, sasuntha kukafuna pouma.

N'chifukwa chake tcheni cha njinga sindichipaka girizi. Tcheni chimadyeka m'kati, pakati pa mapini ndi timawilo tozungulira mapiniwo. Girizi wopaka pamwamba safika m'menemo. Amangokhala kunja n'kumakola fumbi ndi mchenga, kenako zimasanduka phala lakuda limene limapala mano a sipuloketi ngati tupa. Tcheni chimaoneka chonyowa, pomwe m'kati muli gwa.

Ndimayamba ndi kuyeza, chifukwa tcheni chotha sichichira ndi mafuta. Kuchokera pa pini imodzi kufika pa inzake pali mamilimita 12.7, choncho mipata 24 ya tcheni chatsopano imakwana mainchesi 12 ndendende, kapena mamilimita pafupifupi 305. Ndimakoka tchenicho kuti chikungike, n'kuika poyambira pa rula pakatikati pa pini imodzi. Ngati pini yomaliza yapitirira chizindikiro cha mainchesi 12 ndi milimita imodzi ndi theka, tcheni chafika posintha. Ikapitirira ndi mamilimita 3, nthawi zambiri mano a sipuloketi nawonso amakhala atadyeka, ndipo tcheni chatsopano chimadumpha mukaponda mwamphamvu pokwera chitunda.

Tcheni chikakhala chabwino, ndimachitsuka ndi palafini pang'ono ndi mswachi wakale, n'kuchipukuta ndi nsanza mpaka nsanzayo isiye kuda kwambiri. Kenako ndimachisiya chiume. Apa ambiri amapupuluma, koma oilo akagwera pa palafini amasungunuka n'kuchoka tsiku lomwelo. Chikauma, ndimadontheza dontho limodzi pa kawilo kalikonse, chakum'kati kumene tcheni chimagona pamano, uku ndikuyendetsa pedulo pang'onopang'ono mpaka ndabwerera pomwe ndinayambira. Ndimazunguliza kangapo, kudikira mphindi 10 kuti oilo alowe, ndiyeno kupukuta kunja konse mpaka kukhale ngati kouma. Oilo wotsala kunja alibe ntchito ina koma kukola fumbi. Ndimasamalanso kuti asadonthere pa limu kapena pa mabuleki.

Oilo wopangira matcheni ndiye wabwino. Akasowa, oilo watsopano wa injini amagwira ntchito, ndipo m'nyengo yamvula ndimakonda wa magiya wolembedwa 80W-90 chifukwa ndi wolemerako, sakokoloka msanga. Kukakhala fumbi ndimabwerera ku wopepuka n'kumathira pafupipafupi. Oilo wotha ntchito wochokera mu injini ndimamupewa: muli mwaye ndi tizidutswa ta chitsulo, ndipo si wabwino pakhungu. Mafuta ophikira amatontholetsa phokoso lero, koma pakapita masabata amauma n'kumata ngati ulimbo. Mafuta opopera omasulira zadzimbiri ndi opyapyala kwambiri, amatsuka bwino koma sakhalitsa.

Pa njinga yomweyo, habu, chitsulo cha pakati pa gudumu, ndi ya girizi. Mumakhala timipira tachitsulo togudubuzika pakati pa zitsulo ziwiri zotchedwa koni ndi kapu, kawirikawiri 10 mbali iliyonse kutsogolo ndi 9 tokulirapo mbali iliyonse kumbuyo, choncho ndimawerenga potulutsa. Ndimatsuka zonse, kuona ngati koni ili ndi timaenje, n'kupaka girizi m'kapu wokwanira kuti timipirato timire n'kukakamira tosagwa. Pomanga, gudumu lizizungulira momasuka koma lisamagwedere m'mbali. Girizi wamba wa lithiamu wolembedwa NLGI 2 ndi wokwanira pa habu, mapedulo ndi mabelingi a chiwongolero. Nambalayo imanena kulimba kwake: 0 ndi wofewa kwambiri, 3 ndi wolimbirako.

Mahinjesi a chitseko amadalira pini. Ngati pini imatuluka, ndimatseka chitseko, kuimenya kuchokera pansi ndi msomali ndi hamala, hinjesi imodzi pa nthawi kuti chitseko chisagwe. Ndimachotsa dzimbiri ndi sandipepa, kupaka girizi pang'ono chabe, n'kubwezera. Pini ikakhala yokhomerera, ndimathira madontho awiri a oilo wopepuka pamwamba ndi m'mipata, kutsegula ndi kutseka kangapo, n'kupukuta wotsikira m'munsi asanadetse penti. Chitseko chikapitiriza kulira kapena kukhula pansi, vuto si mafuta ayi, ndi masikuluwu omasuka kapena mahinjesi osalunjikana.

Pa makina m'pamene kulakwitsa kumawononga zambiri. Choyamba ndimazimitsa ndi kuzula pulagi, kenako ndimafufuza chimene wopanga anasiya. Kabowo kotseguka kapena kachikho kokhala ndi chivindikiro ndi ka oilo. Kanipo, kamsonga kolumikizira pampu, nthawi zambiri ndi ka girizi, ngakhale makina ena osemera zitsulo ali ndi timanipo ta oilo, ndiye buku la makinawo likakhalapo limaposa maso anga.

Tiyerekeze mota yaing'ono yayamba kulira ndi kutentha chakumapeto kwa shafuti. Ndikatsegula n'kupeza bushi, kampete kachikasu kamene shafuti imazunguliramo, m'malo mwa timipira, ndimadziwa kuti ndi ya oilo basi. Mabushi ambiri otere ali ndi timabowo tosaoneka ndi maso timene timasunga oilo n'kumamutulutsa shafuti ikafunda, ndipo girizi amatseka timabowoto. Ndimathira madontho awiri kapena atatu a oilo wa SAE 20 wopangira mamota amagetsi, n'kunyowetsa kansalu kamene kamazungulira bushiyo. Ndikapeza belingi yotsekedwa mbali zonse, yokhala ndi zilembo 2RS kapena ZZ kumapeto kwa nambala yake, sindithiramo kanthu. Inabwera ndi girizi wake, ndipo ikayamba kumveka ngati muli mchenga poizunguliza ndi dzanja, ndimakopera nambalayo n'kugula ina. Ikakhala yotseguka, ndimaitsuka n'kuika girizi wodzaza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a malo opanda kanthu, osapitirira theka. Belingi yothamanga ikadzazidwa mpaka pakamwa imangotakasa giriziyo, imatentha, oilo amasiyana ndi sopo wake n'kuchucha, m'kati n'kutsala chouma.

Girizi wakale amene sindikudziwa mtundu wake ndimamuchotsa yense ndisanaike watsopano, chifukwa mitundu ina ikasakanikirana imafewa n'kutayika kapena kuuma. Makina osokera amafuna oilo wawo woyera ngati madzi, dontho limodzi pa bowo lililonse, kenako kusoka pa kansalu kotaya mpaka ulusi uzituluka wosadetsedwa. Lamba ndi mapule sizifuna mafuta konse, zikanyowa zimaterereka. Pa makina ochekera matabwa, zomangira zapoyera ndimaziika mafuta ouma kapena sera, popeza utuchi umakakamira pa chilichonse chonyowa.

Ndikamaliza kumanga, ndimayatsa makinawo osawagwiritsa ntchito kwa mphindi 15, kuzimitsa, n'kuika dzanja pa chitsulo chosunga belingi. Kufunda pang'ono n'kwabwino, makamaka girizi akakhala watsopano. Koma dzanja likalephera kukhalapo masekondi angapo, ndimatsegulanso n'kuona ngati ndachulutsa girizi, ndakunga lamba mopitirira, kapena belingi sinakhale molunjika.