Voisi noti ikamamveka pansipansi: mmene ndinapezera vuto pa foni ya amayi

Amayi anga salemba mauthenga pa foni. Maso anayamba kuvuta, ndipo timabatani ta pa sikirini n'tating'ono kwa iwo, choncho nkhani zonse za pakhomo zimayenda pa voisi noti ya pa WhatsApp. Madandaulo awo anali awiri. Loyamba linali loti mawu anga amamveka pansipansi kenako n'kungoduka, lachiwiri loti ndimayankhula mothamanga kwambiri. Inenso kuno ku Lilongwe ndinali ndi langa: mauthenga awo ankafika ofooka, ena a masekondi atatu okha, "Mwanawe, ndimati ndikuuze kuti..." basi. Nditapita kumudzi ku Ntcheu ndinakhala nayo pansi foniyo.

Ndisanakhudze chilichonse ndinafuna kudziwa kuti vuto lili kwa wojambula kapena kwa womvera. Anthu ambiri amalumpha funso limeneli n'kuthamangira kwa okonza mafoni kukasinthitsa sipika yomwe ilibe mlandu. Uthenga uliwonse wa mawu umaonetsa timizere toimirira. Pamene munthu anayankhula momveka timizereto timatalika, ndipo pamene panali zii timasanduka timadontho. Ndinatsegula uthenga womwe ndinawatumizira ine, timizere tinali titalititali. Ndiye kuti mawu anajambulika bwino, chovuta chili pomvera. Nditatsegula wawo wotumiza kwa ine, timizere tinali tafupitafupi kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Apo chovuta chili pojambula. Mavuto anali awiri osiyana pa foni imodzi, ndipo ndinayamba ndi lomvera.

Ndinawapatsa foni n'kuwauza kuti, "Amayi, tamverani uthenga uwu mmene mumachitira masiku onse." Anadina kachizindikiro kosewerera, mawu anatuluka bwinobwino pa sipika ya pansi. Koma pofuna kumvetsetsa anaiyandikiza foni kumaso, chala chachikulu chili pamwamba pa sikirini. Nthawi yomweyo sikirini inathima, mawu n'kutsika mpaka kukhala ngati udzudzu. Ataichotsa kuti aone chachitika, sikirini inayaka koma uthenga unali utaima. "Waona? Ndi zimenezi," anatero.

Pamwamba pa foni, pafupi ndi kamera yakutsogolo, pali kachipangizo komwe kamazindikira kuti chinthu chayandikira. Okonza mafoni amangokatchula kuti sensa. Ntchito yake yeniyeni ndi kuthimitsa sikirini mukamayankhula pa foni kuti tsaya lisadine mabatani. WhatsApp imagwiritsanso ntchito sensa yomweyi mwadala. Ikaona kuti chinthu chayandikira uthenga ukusewera, imaganiza kuti mwaika foni pakhutu, ndiye imachotsa mawu pa sipika yaikulu n'kuwapititsa ku kasipika kakang'ono ka pamwamba komwe timamverera tikamaimba. Mu minibasi zimenezi n'zothandiza, chifukwa oyandikana nawo samva nkhani zanu. Mukaichotsa pakhutu imaimitsa uthengawo kuti chinsinsi chisapitirire pa sipika yaikulu. Tsono sensayo sisiyanitsa khutu ndi chala, chitenje kapena pilo. Chilichonse chikaiphimba, imati ndi khutu.

Kuiyesa n'kosavuta. Ndinaika foni chagada pa tebulo, ndinatsegula uthenga, osaikhudza. Unatha wonse mokweza. Ndinabwereza, koma ulendo uno ndinadutsitsa dzanja pamwamba pake, sikirini n'kuthima. Izi zinasonyeza kuti sensa ili bwino, kagwiridwe ndiko kanali kolakwika. Zikanakhala kuti sikirini ikuthima yokha foni ili pa tebulo, ndikanakayikira galasi lotchingira sikirini. Magalasi ena otchipa alibe kampata pamalo a sensa, ena ali ndi mkombero wakuda womwe umaiphimba, ndipo galasi likang'aluka pamenepo fumbi limalowa pansi pake. Kupukuta pamwambapo kapena kumatula galasilo kumathetsa vutoli nthawi zambiri. Makava otseka ngati buku nawonso amachita zomwezo chivindikiro chikagwera kutsogolo.

Ndinawaphunzitsa njira ziwiri, ndipo ndinawauza kuti asankhe imodzi pa uthenga uliwonse. Akafuna kumva pa sipika, aigwire foni cha pakati, italikirane ndi nkhope. Akafuna kumva okha, aiike pakhutu penipeni monga poimba foni, osaichotsa mpaka uthenga uthe. Chosokoneza ndi kuiika pakatikati, pafupi ndi tsaya koma osafika pakhutu.

Panalinso nkhani ya voliyumu. Foni ya Android ili ndi mavoliyumu angapo osiyana: ya kulira kwa foni, ya nyimbo ndi mavidiyo, ya alamu, ndi ya poyankhula pa foni. Voisi noti ikamatuluka pa sipika yaikulu imatsatira ya nyimbo ndi mavidiyo, yomwe pa sikirini imalembedwa kuti Media. Ikapita ku kasipika ka pakhutu imatsatira ya poyankhula. N'chifukwa chake foni imatha kulira mokweza wina akamaimba, koma uthenga wa mawu n'kumamveka pansi. Njira yachidule ndi kudina batani lokwezera uthenga uli mkati mosewera, popeza nthawi imeneyo batanilo limakweza voliyumu yomwe ikugwira ntchitoyo. Ndinachita kawiri, koyamba pa sipika, kachiwiri foni ili pakhutu. Ya pakhutu inali pansi ndithu. Ndinayang'ananso Bluetooth, chifukwa foni ikalumikizika ku kasipika ka nyimbo kapena mahedifoni omwe ali m'chipinda china, mawu amapita kumeneko, inu n'kumaona uthenga ukuyenda osamva kanthu. Yawo inali yothimitsa.

Za kuthamanga kwa mawu sizinatenge nthawi. Uthenga ukayamba kusewera, pamalo pomwe panali chithunzi cha wotumiza pamabwera kabatani kolembedwa 1x. Mukakadina kamakhala 1.5x, mukadinanso 2x, kachitatu kamabwerera pa 1x. WhatsApp inabweretsa zimenezi mu 2021. Liwiro lomwe mwasankhalo limakhalabe pa mauthenga otsatira mpaka mutalisintha. Pa foni ya amayi panali 2x, mwina mdzukulu wina ndiye anasiya choncho. Uthenga wa mphindi 4 umatha pa mphindi 2 ndi masekondi 40 pa 1.5x, ndipo pa 2x umatha pa mphindi 2. Kusinthaku kumachitikira pa foni ya womvera yekha, wotumiza sadziwa, ndipo sikupulumutsa bandulo chifukwa uthenga umakhala utalowa kale wonse. Ine ndimakonda 1.5x pa mauthenga a pa gulu la mpingo, pomwe moni yekha amatenga theka la mphindi. Koma wina akamatchula nambala ya foni, ndalama kapena tsiku la maliro, ndimabwerera pa 1x. Kulibe liwiro lochepera pamenepo, choncho mawu akakupitani mumangokokera kadontho ka pa timizere tija m'mbuyo n'kumveranso.

Kenako tinafika pa kujambula. Ndinawapempha ajambule uthenga ndikuona. Anaigwira foni ndi dzanja lonse cha m'munsi, kachala kakang'ono katatchinga pansi pake, n'kumayankhulira pamwamba pomwe amamvera. Koma maikolofoni yaikulu ya mafoni ambiri ili pansi, ndi kabowo kakang'ono pafupi ndi potchajira. Nditachotsa kava ndinapeza kabowoko katadzaza fumbi ndi ufa. Ndinapukuta ndi mswachi wouma, mopepuka, foni itayang'ana pansi. Singano kapena phini musalowetsemo, mkatimo muli kansalu kotchinga madzi ndi fumbi, ndipo kakabooka maikolofoni imawonongeka msanga.

Pofuna kutsimikiza, ndinasiya kaye WhatsApp n'kutsegula pulogalamu yojambulira mawu yomwe imabwera ndi foni, yomwe pa mafoni ambiri imalembedwa Recorder kapena Sound Recorder. Mawu akamveka ofooka ngakhale mmenemo, vuto ndi maikolofoni kapena bowo lake. Akamveka bwino mmenemo koma ayi pa WhatsApp, pamafunika kuona chilolezo ku Settings, Apps, WhatsApp, Permissions, Microphone, ndi kutseka pulogalamu ina iliyonse yomwe ingakhale ikugwiritsa ntchito maikolofoni. Mahedifoni a chingwe nawo amanyenga: akakhala olumikiza, foni imajambula ndi kamaikolofoni ka pa chingwecho, komwe mwina kali m'kati mwa malaya. Pa foni ya amayi, titapukuta ndi kusuntha chala, timizere tinatalika.

Mauthenga a masekondi atatu aja anali ndi chifukwa china. Mukajambula mogwirizira chala pa chizindikiro cha maikolofoni, uthenga umapita nthawi yomwe chala chachoka, ngakhale mwangozi. Chala chikatsetserekera kumanzere, zomwe mwajambulazo zimafufutika. Kwa munthu wamkulu amene dzanja limanjenjemera pang'ono, kapena amene amayankhula akuloza ndi manja, njira imeneyi ndi msampha. Ndinawaonetsa kuti akadina chizindikirocho akankhire chala m'mwamba mpaka kaloko katseke. Zikatero chala chimamasuka, foni imapitiriza kujambula yokha. Pansi pamaoneka zinthu zitatu: kabini kotayira kumanzere, kabatani kofiira koimitsira pakati, ndi kamuvi kotumizira kumanja. Ukaimitsa, utha kumvera zomwe wajambula usanatumize, kenako n'kupitiriza pomwe unalekera. Kuimitsa ndi kupitiriza kumeneku kunafika kwa onse mu 2022. Ndinawauzanso kuti aziyembekeza manambala a nthawi ayambe kuyenda asanayankhule, ndipo akamaliza adikire kaye pang'ono asanadine kamuvi, chifukwa mawu oyamba ndi omaliza ndiwo amadukaduka pa foni yochedwa ngati yawo.

Netiweki anthu amainamizira zambiri pa nkhaniyi. Voisi noti si kuimba foni. Imajambulidwa yonse n'kusungidwa pa foni, kenako imatumizidwa ngati fayilo, ndipo uthenga wa mphindi imodzi sufika ngakhale theka la MB. Netiweki ikavuta, uthenga umangokhala ndi kawotchi pakona kudikira kuti upite, sutsika mawu kapena kufupika panjira. Nambala ya nthawi yolembedwa pansi pa uthenga ndiyo imaweruza. Ngati palembedwa 0:03, wojambulayo anajambula masekondi atatu, kaya chala chinachoka kapena wina anamuimbira ali mkati mojambula. Ngati palembedwa 1:20 koma kwa inu ukuima pa 0:15, uthengawo ndi wathunthu, chokuimitsirani chili m'manja mwanu, ndipo poyambira kufufuza ndi pa sensa ija.

Chomaliza chomwe ndinachita chinali kuchepetsa katundu m'foni, popeza inali itatsala pang'ono kudzaza ndi mavidiyo a m'magulu, ndipo foni yodzaza imakana kulandira kapena kujambula mauthenga atsopano. Ndinalowa pa Settings ya WhatsApp, Storage and data, Manage storage, n'kufufuta mafayilo akuluakulu omwe anatumizidwa kambirimbiri. Pa Media auto-download ndinachotsa mavidiyo ndi zithunzi kuti zisamalowe zokha. Mauthenga a mawu sakhudzidwa ndi kusinthaku, WhatsApp imawalowetsa okha nthawi zonse.